Amene amadwala kenako ndi wochapa uja

Mwana wanga wamng'ono anayamba kusanza cha m'ma 2 koloko usiku. Anali asanadandauleko chilichonse madzulo ake, wagona bwinobwino, koma pomwe ndimafika kuchipinda kwake ndinapeza pilo, shiti, bulangete ndi zovala zake zogonera zonse zili nyowee. Ndinachita zomwe kholo aliyense wa tulo m'maso amachita. Ndinamusambitsa, n'kumugoneka pena, kenako ndinakokolola zofunda zonsezo, n'kuzikumbatira pachifuwa ngati mtolo, n'kukaziponya m'bafa. M'mawa ndinatenga shiti ija n'kuikutumula kuti zotsalira zigwe, ndinaiviika m'beseni la madzi, n'kuthiramo jiki wambirimbiri osayeza n'komwe. Fungo la mankhwalawo litadzaza nyumba, mtima wanga unakhala pansi. Ndinadziuza kuti palibe kachilombo kangapulumuke pamenepo.

Patapita tsiku limodzi ndi theka, amene anagwada pachimbudzi ndinali ine. Patapitanso masiku awiri anali mwana wamkulu.

Mlamu wanga ndi namwino, ndipo nditamufotokozera ndili chigonere, sanayambe n'kundipepesa. Anandifunsa kuti, "Mlamu, zofundazo munazinyamula bwanji?" Ine ndimayembekezera kuti afunsa za sopo kapena mankhwala amene ndinachapira. Iye chidwi chake chinali pa ulendo wochoka pabedi kukafika m'madzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuona nkhani ya kuchapa pambuyo pa matenda mosiyana. Sopo ndi madzi otentha zimagwira ntchito yake ndithu, koma munthu amatenga matenda zovalazo zisananyowe n'komwe.

Matenda amene amabwera motere, kusanza kwadzidzidzi, kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi mpaka atatu, kenako n'kudumphira kwa wina m'nyumba momwemo, nthawi zambiri amayamba ndi kachilombo kotchedwa norovairasi. Dzinali linachokera ku tauni ya Norwalk ku Ohio, m'dziko la America, kumene ana ambiri a pasukulu ina anadwala mu 1968. Ndasankha kulemba za kameneka chifukwa ndi kamodzi mwa tizilombo tovuta kwambiri kuchotsa m'nsalu, ndipo amene waphunzira kuchapa mothana nako, chimfine sichingamuvute. Kachilombo ka chimfine cha fuluwenza kamakhala ndi chikuta cha mafuta chomwe sopo amaphwasula mosavuta. Norovairasi alibe chikuta chotero. Ndiye chifukwa chake sanitaiza wopaka m'manja uja samupha bwino, ndipo amatha kukhala wamoyo pa zinthu kwa masiku ambiri, ngakhale kupitirira sabata. Choopsa china n'chakuti masanzi ndi chimbudzi cha wodwala zimakhala ndi tizilomboti tambirimbiri, mamiliyoni osawerengeka, pamene tokwanira kudwalitsa munthu ndi tochepa zedi, tosafika ngakhale 100. Munthu akatenga kachilomboka amayamba kudwala pakapita maola 12 mpaka 48. Tsiku limodzi ndi theka langa lija likugwera m'kati mwa nthawi imeneyi.

Tsono taganizirani zimene ndinachita usiku uja. Ndinakumbatira zofunda zamasanzi pa malaya anga ogonera, ndipo ndinabwerera kukagona ndi malaya omwewo. Ndinagwira chotsegulira chitseko, choyatsira magetsi ndi mpopi. M'mawa ndinakutumula shiti youma pang'ono, nkhope yanga ili pomwepo. Kukutumula nsalu yoipitsidwa kumaulutsa tinyenyeswa tosaoneka, timene timatera pamilomo, pa thaulo lopachikidwa pafupi, pa miswachi. Ku chipatala anamwino amaphunzitsidwa kuti nsalu za wodwala sazikutumula, saziika pansi, ndiponso sazigunditsa yunifolomu. Amayamba kupinda kuchokera m'makona, kulowetsa mbali yoipayo m'kati, mpaka shiti yonse isanduke kampukutu komwe kunja kwake n'kouma. Kampukutuko amakanyamula kutali ndi thupi n'kukaponya m'thumba pomwepo pambali pa bedi. Kunyumba thumba la pulasitiki losabooka kapena ndowa yokhala ndi chivundikiro zimagwira ntchito yomweyo. Mfundo yake ndi yakuti ndowa ipite kuchipinda, osati zofunda ziyende nyumba yonse kufunafuna ndowa.

M'manja muzivala magolovesi. Ngati ndi otaya, atayeni mukamaliza. Ngati ndi a labala ochindikala aja, akhale a ntchito imeneyi yokha, ndipo musanawavule atsukeni ndi sopo ali m'manja momwemo. Popanda magolovesi, matumba awiri a pulasitiki ovala ngati masokosi a m'manja ndi abwino kuposa manja osavala. Koma magolovesi asakunamizeni. Mukavula, sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi osachepera 20, mpaka m'zikhadabo, chifukwa povula ndi pomwe zala zimakhudza kunja kwa golovesi. Ngati masanzi ndi ambiri, kuphimba mphuno ndi pakamwa sikupusa ayi.

Cholakwa changa chachiwiri chinali cha jiki, ndipo ichi ndiye ndikufuna ndichifotokoze bwino, pakuti ndaona kuti anthu ambiri akhalidwe laukhondo ndi amene amagwa nacho. Jiki, kaya tinene kuti mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi klorini, amapha tizilombo pochita kutiwotcha. Vuto lake n'lakuti sasankha. Chilichonse chochokera m'thupi chomwe wakumana nacho, masanzi, chimbudzi, magazi, mamina, amalimbana nacho mpaka mphamvu yake kutha. Mukamuthira m'beseni lodzaza zonyansa, amathera pa zonyansazo, ndipo tizilombo tobisala m'kati mwa timibulu ta masanzi timatsala tili gwa. Fungo limamveka, nsalu imayererako, koma ntchito yeniyeni sinagwirike. Ndiponso klorini akasakanikirana ndi mkodzo wambiri amatulutsa mpweya wotsamwitsa komanso woyabwa m'maso. Choncho dongosolo lake silisintha: kuchotsa zonyansa, kuchapa ndi sopo, kutsukuluza, ndipo pomaliza pake kupha tizilombo totsalira. Mukayamba ndi chomalizachi mwangotaya mankhwala.

Pochotsa zonyansa, palani ndi kachidutswa ka katoni kapena pepala lochindikala, pang'onopang'ono, n'kutaya m'chimbudzi. Osagwiritsa burashi, ndipo osatsegula mpopi mwamphamvu pamwamba pa nsaluyo, chifukwa madzi othovoka amamwaza zomwe mukufuna kusonkhanitsa. Kenako tsukuluzani malo oipawo m'ndowa ya madzi ozizira, mukumiza nsaluyo pansi pa madzi. Ndikuti ozizira chifukwa masanzi ndi magazi zikakumana ndi madzi otentha zimaphsera mu ulusi, banga lake n'kukhazikika. Madzi oyambawa ndi oipa kuposa ena onse. Athireni m'chimbudzi mosamala, chapansipansi, osati mu sinki yotsukira mbale, osati pabwalo pomwe ana amasewera, ndiponso osati pafupi ndi potunga madzi akumwa.

Pakuchapa penipeni, zinthu zitatu zimathandizana: sopo, kutikita ndi kutentha. Sopo ndi kutikita zimachotsa tizilombo tambiri mwa kungotikokolola, ngakhale titakhala tisanafe. Kutentha ndiko kumapha totsalira, ndipo muyezo umene umalangizidwa kunyumba ndi madigiri 60 kapena kuposerapo. Kuti muone kuti nambala imeneyi si yongopeka, malamulo ochapira nsalu za m'zipatala ku Britain amafuna madigiri 65 kwa mphindi zosachepera 10, kapena madigiri 71 kwa mphindi zosachepera 3. Onani kuti kutentha kumayendera limodzi ndi nthawi. Kuthira madzi otentha n'kuwataya pomwepo sikukwanira.

Amene ali ndi makina ochapira, pali timisampha tingapo. Pulogalamu yosunga magetsi ija, yolembedwa Eco, kawirikawiri siifika pa kutentha komwe yalembedwa, imangochapa nthawi yaitali ndi madzi ofunda. Pa zovala za masiku onse ndi yabwino, koma pa izi sankhani pulogalamu wamba ya nsalu za thonje pa 60 kapena kuposa, yaitali. Musadzaze makina mpaka pakamwa pofuna kumaliza msanga. Nsalu zimafuna malo ogubuduzika, apo ayi pakati pa mtolowo sipafika madzi okwanira. Ndipo zovala za wodwala zichapidwe pazokha, makamaka zisakumane ndi nsalu zopukutira mbale. Mukamaliza zonse, yendetsani makinawo opanda kanthu ndi madzi otentha kwambiri kapena ndi jiki pang'ono, n'kupukuta labala wa pachitseko ndi chogwirira chake, chifukwa mumazigwira ndi magolovesi oipa polowetsa zovala.

Ine nthawi imeneyo makina anali atawonongeka, ndiye zofunda za mwana wamkulu ndinachapa pamanja, motsatira malangizo a mlamu wanga. Apa pali funso lomwe linandivuta: madzi a madigiri 60 sungapisemo dzanja, amawotcha khungu m'masekondi ochepa, nanga uchapa bwanji? Yankho lake ndi kulekanitsa ntchito ziwirizi. Kutikita kumachitika m'madzi ofunda a sopo, uli ndi magolovesi. Kutentha kumabwera pambuyo, ngati kuviika, ndipo pamenepo dzanja sililowamo, umavundula ndi ndodo.

Ndinali ndi shiti ziwiri, pilokesi imodzi, thaulo ndi zovala zogonera. Nditazichapa ndi sopo waufa n'kuzitsukuluza, ndinazifinya kwambiri n'kuziika m'ndowa yaikulu. Popeza ndinalibe choyezera kutentha, ndinachita masamu. Madzi owira ndi madigiri pafupifupi 100, a pampopi tinene 20. Mukasakaniza muyezo wofanana mumapeza 60. Koma 60 ameneyo amatsika nthawi yomweyo akakumana ndi ndowa yozizira ndi nsalu zonyowa, ndiye kuyambira pa 60 ndi kudzinamiza. Ndinathira miyezo iwiri ya madzi owira pa muyezo umodzi wa ozizira, zomwe zimapereka madigiri pafupifupi 73. Malita 8 owira ndi malita 4 ozizira anakwanira kumiza shiti imodzi ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo shiti inayo inadikira ulendo wachiwiri. Ndinavundula ndi ndodo kuti pasakhale nsalu yotumphuka pamwamba kapena mpweya wotsekeka m'mapindo, ndinavundikira, n'kusiya mphindi 20. Nsalu zoyera za thonje, monga matewera ndi mathaulo, mungathe kungoziwiritsa m'chiwiya chosaphikira kwa mphindi 5 mpaka 10. Ndowa yotentha chonchi ikhale pomwe mwana sangafike. Zingakhale zomvetsa chisoni kupewa kutsegula m'mimba n'kupeza chilonda cha moto.

Kuwiritsa madzi ochuluka chotere n'kotopetsa, ndipo si aliyense angakwanitse, makamaka odwala akakhala awiri kapena atatu. Apa ndiye jiki amakhala ndi malo ake oyenera, pa nsalu zochapidwa kale. Muyezo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limapereka poviika nsalu ndi klorini wa 0.05%, kwa mphindi 30. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, ndipo ndi yaing'onodi: zomwe ndinathira ine tsiku loyamba lija zinali zochuluka kwambiri, n'chifukwa chake shiti ija inadzang'ambika posakhalitsa. Kuti mupeze muyezowu, yang'anani pabotolo mphamvu ya mankhwalawo, chifukwa mabotolo amasiyana. Gawani nambala ya pabotolo ndi nambala imene mukufuna. Botolo langa linali la 3.5%, ndipo 3.5 kugawa ndi 0.05 ndi 70. Ndiye kuti muyezo umodzi wa jiki m'miyezo 69 ya madzi. M'ndowa ya malita 20 amakhala mamililita pafupifupi 290. Botolo likakhala la 5%, yankho ndi 100, ndipo m'ndowa yomweyo mumathira mamililita 200. Ndinalemba manambala amenewa pandowa ndi cholembera chosafufutika, chifukwa ndikudziwa kuti usiku wa masanzi mutu sugwira masamu.

Madzi osungunulira jiki akhale ozizira, popeza otentha amauluzitsa klorini m'mwamba, mphamvu n'kuthera m'mphuno mwanu m'malo mothera m'nsalu. Musamusakanize ndi viniga, mankhwala otsukira chimbudzi, kapena chilichonse chokhala ndi amoniya. Mpweya umene umatuluka ndi wakupha, ndipo m'bafa lotseka munthu akhoza kukomoka. Tsegulani zenera. Madzi osakaniza kalewa amatha mphamvu, choncho pangani atsopano tsiku lililonse, ndipo botolo lomwe lakhala nthawi yaitali padzuwa kapena losatseka bwino musalikhulupirire. Zikatha mphindi 30, tsukuluzani bwinobwino ndi madzi oyera mpaka fungo lichepe, makamaka zovala za khanda. Zolimba monga beseni, ndowa, pansi pa bafa, mpopi ndi zotsegulira zitseko zimafuna muyezo wamphamvuko, wosachepera 0.1%, ndiye kuti jiki wowirikiza kawiri m'madzi omwewo. Zitsukeni kaye ndi sopo, pakani mankhwalawo, n'kuwasiya anyowetse kwa mphindi 5 kapena kuposa musanapukute. Ine beseni lija sindinalitsuke konse tsiku loyamba. Ndinangolikhuthula, ndipo masana ake mwana wamkulu anaviikamo masokosi ake.

Nsalu zamitundu ndi zaubweya ndiye zimavutitsa. Jiki amasukulutsa mtundu ndipo ubweya amaudya, madzi otentha kwambiri nawo amakhwinyatitsa bulangete laubweya mpaka lisanduke la mwana. Apa palibe njira yangwiro, ndipo ndimakayikira aliyense wonena kuti ilipo. Zimene ndimachita ndi kuchapa kawiri, ndi madzi otentha mpaka pomwe kachizindikiro kosokedwa m'mphepete kakulola, kutsukuluza ndi madzi ambiri, kenako kudalira kuyanika ndi nthawi. Ndinaphunziraponso kanthu kena: wina akangoyamba kudwala m'mimba, mabulangete abwino ndimachotsa pabedi, n'kuyala shiti ndi mathaulo akale a thonje amene angapirire madzi owira, pansi pake nditayala pulasitiki yoteteza matiresi.

Kuyanika anthu amakuona ngati kungochotsa madzi, koma ndi mbali ya kupha tizilombo. Kuwala kwa dzuwa kumawononga tizilombo tomwe tili pamwamba pa nsalu, ndipo kuuma kumalepheretsa mabakiteriya kuswana. Koma dzuwa limangogwira pomwe lafika. Shiti yopindidwa kanayi pachingwe imauma kunja, m'kati muli chinyezi ndi mthunzi. Itambasuleni yonse, ndipo pakapita maola angapo itembenuzeni. Njira yodziwira ngati yaumadi ndi kugwira m'misoko ndi m'mipendero, pomwe nsalu ndi yochindikala. Ngati pamenepo pakuzizira m'zala, sinaume. Nsalu ikamanunkha chinyontho itauma, ndiye kuti inachedwa kuuma ndipo mabakiteriya anaswana, ibwerere m'madzi. Amene ali ndi makina oumitsira aike pa kutentha kwambiri mpaka ziume gwa. Pomaliza ndimasita ma pilokesi ndi shiti ndi simbi yotentha, mosathamanga, chifukwa nkhope imagona pamenepo usiku wonse. Dzuwa ndi simbi n'zothandizira chabe, sizilowa m'malo mwa kuchapa. Ndipo zochapa zoyera zisabwerere m'basiketi yomwe inanyamula zakuda isanatsukidwe.

Funso lina ndi lakuti tichape liti. Ambiri timadikira wodwala achire, n'kuchita chintchito chachikulu tsiku limodzi. Choipitsidwa chilichonse chichotsedwe nthawi yomweyo n'kuchapidwa tsiku lomwelo ngati n'kotheka, chifukwa mulu wonyowa wosiyidwa pakona umangodikira wina augwire. Ngati ndi pakati pa usiku, chivundikireni m'ndowa mpaka kuche. Kenako pakhale kuchapa kwachiwiri, wodwala atatha masiku awiri osasanza kapena kutsegula m'mimba, popeza masiku oyamba atachira ndi pomwe amapatsirabe ena mosavuta. Pamenepo ndiye muchotse zonse za pabedi pake, ngakhale zooneka zoyera. Ndipo popeza kachilomboka kamapitiriza kutuluka m'chimbudzi cha munthu kwa masabata awiri kapena kuposa atachira, zovala zake zam'kati ndi thaulo lake ndimapitiriza kuzichapa padera ndi madzi otentha kwa nthawi yonseyo.

Thaulo limenelo ndi lomwe timaiwala. Tonse timathamangira shiti chifukwa ndi yomwe ikuoneka kuipa, pamene kathaulo kopukutira m'manja kopachikidwa m'bafa kakugwiridwa ndi wodwala kangapo pa usiku umodzi, n'kugwiridwanso ndi aliyense wa m'nyumbamo atangosamba m'manja. Kamakhala konyowa tsiku lonse ndipo sikaoneka kakuda. Masiku a matenda, aliyense akhale ndi thaulo lake, ndipo la wodwala lizisinthidwa tsiku ndi tsiku. Zovala za wosamalira wodwala nazonso ziwerengedwe ngati za wodwala. Malaya anga ogonera aja ndinawavalanso usiku wotsatira.

Zinanditsalira ziwiri zomwe sizilowa m'ndowa: matiresi ndi kachidole kansalu komwe mwana wamng'ono sagona popanda iko. Matiresi ndinapala, ndinapukuta pamalopo ndi nsanza yoviika m'madzi otentha a sopo mochita kudinda, osati kukhuthulira madzi, chifukwa siponji ikamwa madzi imatenga masiku kuti iume ndipo m'kati mumachita nkhungu. Nsanzayo ndinataya. Matiresiyo ndinaitulutsa padzuwa masiku awiri, kenako ndinaivala chikuta chosalowa madzi chomwe ndinayenera kugula kalekale. Pilo amene anamwa masanzi mpaka m'kati ndinangomutaya.

Kachidole kaja kanali ndi kabokosi ka nyimbo m'mimba mwake, ndiye sikakanatheka kukamiza m'madzi. Ndinakapukuta kunja ndi sopo, ndinakayanika padzuwa mpaka kuuma, n'kukamanga m'thumba pamwamba pa kabati kwa masabata awiri. Mwiniwake analira usiku woyamba ndi wachiwiri. Wachitatu anagona atakumbatira thaulo loyera lomwe linali litangochoka pachingwe, ndipo pomwe ndimamasula thumba lija anali atakaiwala kale.